Bwana, Lachinayi sindibwera

Ndimakhala ku Bangula, ndipo ntchito yanga ndi yoyang'anira mijigo ya kabungwe kena kakang'ono komwe ofesi yake ili ku Blantyre. Mwezi uliwonse imelo imafika yondiitana kumsonkhano wounika ntchito. Msonkhanowo ndi wa maola awiri, koma nthawi yanga yolankhula siposa mphindi khumi. Kuti ndikalankhule mphindi khumizo ndimanyamuka dzulo lake, kudikira minibasi idzaze, kudutsa Ngabu, Nchalo, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kuima pa Thabwa, kenako kukwera mapiri aja galimoto ikulira ngati ikufa. Kugona ku Blantyre, msonkhano m'mawa, kubwerera madzulo kapena tsiku linalo. Masiku awiri, nthawi zina atatu, apita.

Kwa zaka zingapo sindinkaona vuto. Kunena zoona ndinkaukonda ulendowo. Munthu wopsa ndi dzuwa la kuchigwa akagona usiku umodzi malo ofuna bulangete amamva ngati wapita kunja. Ndipo tisanamizane, pamakhala alawansi. Amene amakana msonkhano amakananso envulopu, n'chifukwa chake anzako akamva kuti wakana amayamba akuyang'ana kaye ngati uli bwinobwino.

Zinasintha mu 2023, namondwe Freddy atadutsa mu Malichi. Mijigo yambiri inamira. Madzi osefukira akalowa pamjigo sasiya matope okha, amalowetsanso zonyansa za m'zimbudzi zogumuka, ndipo nthawiyo kolera anali asanathe m'dziko muno. Ntchito yathu inali kuzula mapaipi, kuona zowonongeka, kuthira klorini, kupopa mpaka fungo lichepe, n'kubwezeretsa. Mijigo ina inali tsidya la Shire, mbali ya Makhanga, komwe chikokolokereni njira ya ku Chiromo mu 1997 timadalira bwato. Tsiku limodzi lotayika kumeneko si tsiku limodzi ayi. Umayenera kupangananso ndi mekaniki, mwini bwato, komiti ya mjigo ndi anyamata okoka mapaipi, ndipo kuti onsewa apezekenso pamodzi pamatha sabata.

Kukana kwanga koyamba kunali kopusa, ndipo ndikufuna ndikufotokoze bwino chifukwa ndi momwe ambiri timakanira.

Imelo inafika Lolemba. Ndinaiona, ndinadziwa pomwepo kuti sindipita, koma sindinayankhe. Kwathu kuno mawu akuti ayi kwa wamkulu amalemera pakamwa. Timati "ndiyesetsa", timati "tiona m'mene kuchere", ndipo womva amadziwa yekha. Koma kalendala ya pa kompyuta sidziwa ndiyesetsa. Ndinadina `Tentative`, poganiza kuti ndalemekeza. Lachitatu usiku ndi pomwe ndinalemba, ndipo zimene ndinalemba zinali chipepeso cha ndime zinayi: msewu, kutentha, mwana akutsokomola, netiweki, bwato. Kumapeto kwenikweni ndinati lipoti nditumiza posachedwa. Ndinatumizadi, Loweruka, masamba asanu ndi limodzi ndi zithunzi zolemera.

Pamsonkhanowo ndi pomwe ankagawa mapaipi amene anagulidwa. Mnzanga wa kudera lina analipo, ananena nambala yake, anapatsidwa. Za ine maminitsi analemba mzere umodzi, kuti ndapepesa sindinabwere. Palibe anandichitira nkhanza. Anthu anali ndi mapaipi patebulo ndi nambala imodzi yokha m'makutu mwawo. Lipoti langa la Loweruka linafika nyama itagawidwa kale, ndipo ndikukayika ngati alipo anafika nalo tsamba lachitatu.

Pamenepo ndinazindikira chimene ndinkachiphonya. Ndinkaganiza kuti ntchito ya imelo yokana msonkhano ndi kuchotsa mlandu pa ine, kuti asandione wamwano. Koma amene wakuitana sakufuna nkhope yako. Pali chinthu chimene akufuna kwa iwe, kaya nambala, kaya yankho, kaya chilolezo. Ukakana kubwera, chinthucho chimafunikabe, pa ola lomwelo, m'chipinda chomwecho. Imelo yako iyenera kukakhala pampando wako n'kugwira ntchito imene pakamwa pako pakanagwira.

Mwezi wa Juni kuitana kunabweranso, tsiku Lolemba. Msonkhano Lachinayi, 9 koloko. Tsiku lomwelo tinali titapangana kale kukazula mapaipi pamjigo wa pasukulu ina tsidya. Mapanga awiri avumbwitsa, ndinasankha limodzi. Ulendo uno ndinayankha Lolemba lomwelo, pasanathe maola awiri. Kuntchito timalemberana Chingerezi, koma zimene ndinalemba m'Chichewa zikumveka chonchi:

"Mayi, zikomo pondiitana kumsonkhano wa Lachinayi. Sindidzatha kubwera, chifukwa tsiku limenelo tikukonza mjigo wa pasukulu tsidya la Makhanga ndipo mekaniki ndi komiti tinapangana kale. M'malo mwake nditumiza lipoti lalifupi la gawo langa pofika Lachitatu 12 koloko masana, kuti mukhale nalo msonkhano usanayambe. Muli nkhani imodzi yofuna chigamulo chanu, ya mapaipi. Ngati pali funso lina limene mukufuna ndiyankhemo, ndiuzeni pofika mawa madzulo. Mukaona kuti nkhani ya mwezi uno ikufunika ndikhalepo ndithu, ndiimbireni lero kuti ndisinthe pangano la tsidya nthawi ikadalipo."

Basi. Tiyeni tiiyang'ane pang'ono, chifukwa chiganizo chilichonse ndinachiika ndi cholinga.

Mawu akuti sindidzatha kubwera ali m'chiganizo chachiwiri, osati pansi. Mayi amene amatiyang'anira amawerenga maimelo pafoni, nthawi zambiri ali pakati pa zinthu zina, ndipo mizere iwiri yoyamba ndi imene imaoneka asanatsegule. Akaona "zikomo" ndi nkhani yaitali ya msewu angaganize kuti ndikubwera mochedwa. Ulemu uli m'mawu oti zikomo ndi m'kuyankha msanga. Kuzungulira si ulemu pa imelo, ndi kupatsa munthu ntchito yofufuza yankho lako.

Chifukwa ndinapereka chimodzi. Poyamba ndinkaganiza kuti zifukwa zikachuluka ndiye kuti mlandu wachepa, koma zimachita mosiyana. Munthu akakuuza kuti sabwera chifukwa cha msewu, mwana, bwato ndi kutentha, umayamba kuganiza kuti chenicheni sanachinene. Komanso chifukwa chilichonse chimene wapereka ndi khomo loti wina akuthetsere. Ukati thiransipoti yavuta, akuti tikutumizira galimoto, ndiye uzitani? Nenani chifukwa chenicheni, chimene sichingagwe wina akachikankha, ndipo chikhale cha ntchito yomweyo imene iwo akukulipirani.

Tsiku ndi ola la lipoti ndinazitchula. "Posachedwa" ndi m'bale wake wa "ndiyesetsa". Ndinasankha Lachitatu masana osati usiku chifukwa amene akutsogolera msonkhano amakonza mapepala ake madzulo a dzulo lake. Likafika 10 koloko usiku aliona m'mawa ali kale pakhomo la chipinda. Palinso nkhani ya kuno kwathu: magetsi akhoza kuzima, netiweki ikhoza kugwa. Ukalonjeza 12 koloko, konza kutumiza 9 koloko, kuti zikavuta ukhale ndi maola atatu okwera kabaza kukafuna pamene pakugwira.

Chiganizo chomaliza chija, chowapatsa mpata wondiumiriza, anzanga ena amati n'kudzigulitsa. Ine ndimati ndi chimene chimasiyanitsa kukana kwa wantchito ndi kukana kwa mwano. Mwini msonkhano akhoza kudziwa zimene ine sindikudziwa, mwina kukubwera alendo amene amapereka ndalama. Koma taonani kuti ndinaika malire: aimbe lero. Sindinasiye khomo lotsegula mpaka Lachitatu usiku.

Kanthu kena kakang'ono ka pa kompyuta kamene kanandipweteka kale. Mu Outlook ukadina `Decline` pamabwera zosankha, ndipo `Edit the Response before Sending` ndi imene imakulola kulembapo mawu. Ukasankha `Send the Response Now`, mwini msonkhano amangolandira kuti wakana, popanda liwu lililonse, ngati munthu wamenyetsa chitseko. Ndiponso ukakana, msonkhanowo umachoka pa kalendala yako, ndiye ngati munali ajenda kapena mapepala, sunga kaye usanadine. Imelo yokana ndimatumiza kwa mwini msonkhano yekha. Anthu khumi ndi asanu safunika kudziwa za bwato langa. Lipoti ndi limene limapita kwa onse.

Tsopano lipotilo, lomwe ndi mtima wa nkhani yonse.

Ndinalilemba m'thupi la imelo momwemo, osati m'chikalata chomata. Chikalata chomata chimafuna munthu atsitse, atsegule, akulitse ndi zala, ndipo pafoni ambiri amati ndiona nthawi ina. Pa `Subject` ndinalemba dzina la msonkhano, tsiku lake, ndi mawu akuti pakufunika chigamulo cha mapaipi 24. Wina ngakhale asatsegule, nambalayo waiona.

Ndinayamba ndi pempho, osati mbiri. Ndime yoyamba inati: ndikupempha mapaipi 24 ndi ndodo zake, a mijigo itatu, asanu ndi atatu pa mjigo uliwonse, akwere galimoto ya ofesi imene ikubwera kuchigwa Lolemba. Akaphonya galimoto imeneyo, midzi itatuyo idikira mpaka ulendo wina, ndipo pakadali pano anthu akutunga m'zithaphwi ndi mumtsinje.

Ndime yachiwiri inali ya pamene ntchito yafika. Mijigo imene tinayendera ndi 14. Isanu ndi inayi yakonzedwa, yathiridwa klorini, ikutulutsa madzi. Itatu ndi imene ikudikira mapaipi aja. Iwiri yadzaza mchenga ndi matope moti mpope sungathandize mpaka itapemereredwa ndi kompresa. Ndinaonetsetsa kuti manambala akugwirizana, 9 ndi 3 ndi 2 akwane 14, chifukwa pamsonkhano pamakhala munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwonkhetsa, ndipo akapeza kuti sizikukwana nkhani yonse imasanduka ya masamu ako iwe kulibe.

Ndime yachitatu ndi imene inanditengera nthawi. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti ndikanakhala m'chipindamo akanandifunsa chiyani. Anthu amene umakhala nawo pamsonkhano mwezi ndi mwezi umawadziwa mafunso awo ngati nyimbo. Akauntanti adzafunsa chifukwa chake tikugula mapaipi atsopano osagwiritsanso akale. Ndinayankhiratu: mapaipi a mpope wa Afridev ndi apulasitiki, olumikizidwa ndi guluu, ndipo pamijigo itatuyi ndodo zinakhula mapaipi mpaka kubooka, ena anasweka pozula. Amene anali abwino tawasunga ndipo ndawachotsera kale pa nambalayo. Bambo wina wa zaumoyo adzafunsa ngati madzi ayezedwa. Ndinalemba zoona, kuti tathira klorini ponse koma kuyeza kwa ku labotale sikunachitike, ndipo ndinatchula kuti umodzi mwa isanu ndi inayi ija anthu akudandaula kuti madzi ake ndi amchere. Madzi amchere si nkhani yachilendo m'chigwa chino, ndipo mjigo umenewo unali choncho chigumula chisanabwere, koma ndikanabisa, tsiku lina wina akanadzalawa n'kunena kuti lipoti langa linanama.

Pamenepa pali msampha. Polemba, munthu umafuna kudzikometsera, chifukwa palibe akukuyang'ana m'maso. Pamsonkhano ukanena kuti zonse zili bwino wina amakweza nsidze, iwe n'kuwonjezera kuti "kupatula umodzi". Papepala nsidze palibe. Uyenera kudzikwezera wekha.

Nkhani ya mijigo iwiri yofuna kompresa sindinaipemphere chigamulo. Ndinangoti ndidzabwera nayo ndekha mwezi wamawa ndi mitengo yake. Imeneyo ndi nkhani ya ndalama zambiri, yofuna kukangana, ndipo pepala silikangana. Likafunsidwa funso limene silinayembekezere limangokhala chete. Lipoti lolowa m'malo mwa munthu linyamule pempho limodzi, loti anthu angathe kuyankha inde kapena ayi.

Mzere womaliza unati Lachinayi kuyambira 10 koloko mpaka hafu pasiti ndidzakhala pamalo ogwira netiweki, foni ili m'manja. Zonse pamodzi sizinapose mawu 250. Zithunzi ndinatumiza ziwiri zokha, zochepetsedwa, pa gulu lathu la WhatsApp: paipi yobooka, ndi mzere wa zigubu pamjigo wakufa.

Chinthu china chimene sichilembedwa m'imelo koma popanda icho zonsezi n'zachabe: ndinaimbira mnzanga mmodzi amene ankapita kumsonkhanoko. Ndinati, "Achimwene, ikafika nthawi yanga pa ajenda, musalole angoti wapepesa. Muwerenge ndime yoyamba yokha mokweza." Lipoti lotumizidwa kwa anthu khumi ndi asanu aliyense amaganiza kuti mnzake waliwerenga. Pamafunika pakamwa pamodzi pobwereka. Komanso, pa chikhalidwe chathu, imelo yokha kwa munthu wamkulu imazizira. Mayi aja ndinawaimbiranso mphindi imodzi Lolemba lomwelo, kungoti ndatumiza imelo, ndapepesa. Foni inanyamula ulemu, imelo inanyamula umboni.

Si msonkhano uliwonse ungakanidwe chonchi, ndipo amene angatenge njirayi ngati mankhwala a matenda onse adzapsa nayo. Ine ndimayang'ana ajenda n'kufunsa kuti dzina langa lili pamenepo kuti ndinene kapena kuti tigwirizane. Ngati ndi kunena chabe pamene ntchito yafika, pepala limatha, mwinanso kuposa ine, chifukwa silichita chibwibwi. Koma ngati akugawa bajeti ya chaka, pita. Ngati pali dandaulo lokhudza iwe kapena anthu ako, pita, chifukwa kutumiza lipoti pamenepo kumaoneka ngati kuthawa bwalo. Ngati ajenda palibe n'komwe, usakane msanga, funsa kaye kuti akufuna chiyani kwa iwe. Kawiri konse ndafunsa choncho n'kuyankhidwa kuti "ayi, tinangokuikani kuti mudziwe".

Ndipo zonsezi ndi za ofesi. A gulupu akaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wokhudza mjigo, sungatumize pepala. Kumeneko kubwera kwako ndiye uthengawo. Ndinaonapo mnyamata wina wophunzira bwino atatumiza kalata kwa amfumu m'malo mofika, ndipo komiti ya mjigo inamuyankha ndi kusabwera tsiku la ntchito.

Palinso malire a kuchuluka. Ndinadziikira lamulo loti sindikana kawiri motsatizana. Pamsonkhano pamachitika zambiri zimene sizilowa m'maminitsi: nkhani za pa tiyi, mphekesera za ntchito yatsopano, kudziwana ndi munthu amene mawa adzasainira pepala lako. Ife a kuchigwa timaiwalika msanga kale, anthu amatikumbuka madzi akasefukira. Ukasowa miyezi itatu umasanduka dzina la pa imelo. Chizindikiro choti wayamba kuzimiririka n'chosavuta kuona: kuitana kumasiya kubwera, kapena zigamulo za dera lako umazimva kwa dalaivala.

Mungadziwe bwanji kuti lipoti lagwira ntchito? Osadalira "zikomo, talandira". Pemphani maminitsi, muyang'ane ngati pempho lanu lili ndi yankho ndi dzina la woti achite. Mukapeza kuti alemba zoti munapepesa basi, ndiye kuti silinawerengedwe, ndipo tsiku lomwelo lembaninso mwini msonkhano mzere umodzi wofunsa chigamulo. Wina akakuimbirani kufunsa chinthu chimene chili m'ndime yachiwiri, musakwiye. Ndiye kuti lipoti linatalika kapena chinthucho munachikwirira.

Lachinayi lija tinawoloka m'mamawa. Pofika 10 koloko mapaipi anali atagona pa udzu m'mbali mwa mjigo, ana a sukulu atatizungulira ngati tikusenda mbuzi. Ndinasiya anyamata akutsuka ndodo, ndinakwera pachulu china kuseri kwa kalasi pomwe foni imagwira timizere tiwiri. Ndinaima pamenepo mphindi makumi awiri, dzuwa likuwotcha pakhosi ngakhale unali mwezi wozizira, mayi wina wogulitsa mbatata akundiyang'ana modabwa.

Foni inalira. Anali akauntanti, pa sipika, phokoso la makapu likumveka kumbuyo.

"Achimwene, tawerenga. Funso limodzi: mapaipi 24 amenewa, guluu muli naye?"

Ndinali nditaiwala guluu. Ndinati ayi, awonjezere zitini ziwiri. Ndinamva wina akuseka, kenako Mayi aja akuti zilembedwe, zikwere Lolemba. Foni inaduka isanathe mphindi ziwiri, ndipo ndinatsika pachulu kubwerera kumjigo, komwe mekaniki anali akukuwa kuti wina waponda labala wa pulanja.